Madengu khumi a makilo 7 analipiridwa ngati makilo 24: masamu amene akoriya amachita ndi tepi

Azakhali anga amaluka madengu a mlaza kufupi ndi pa Ngabu. Chaka china mayi wina wa shopu ya zokongoletsa ku Lilongwe anaitanitsa madengu khumi, nagwirizana kuti ndalama yotumizira ituluke mwa azakhaliwo. Tinapempha katoni yaikulu pa golosale, tinaikamo madengu, mipata yotsala tinatsekamo nyuzipepala zakale, kenako tinakoleka katoniyo pa sikelo ya wogula thonje ndipo inakwana makilo 7. Azakhali anawerengera phindu lawo potengera makilo 7 amenewo. Nditakwera nayo zitunda za pa Thabwa n'kufika ku Blantyre, mnyamata wa pa kauntala ya kampani ina ya koriya anaiika pa sikelo, n'kuona 7 yemweyo, koma sanalembe kanthu. Anatulutsa tepi m'thumba n'kuyamba kuyeza katoniyo ngati telala.

"Achimwene, iyi mulipira ya makilo 24."

"Bwanji 24 pamene sikelo yanu yomwe ikuti 7?"

"Sikelo ikunena zoona, koma galimoto imanyamulanso malo, osati makilo okha."

Tsiku limenelo ndinaona ngati andibera masanasana. Panopa ndimati mnyamatayo sanalakwe, ngakhale akanatha kufotokoza bwino kuposa pamenepo. Nkhani ino ndi kufotokoza kumene ndinkafuna kumva tsikulo.

Tiyambe ndi kukonza kamvedwe kena kolakwika. Anthu amati akoriya amalipiritsa kukula kwa phukusi m'malo mwa kulemera kwake, koma si ndendende. Iwo amapeza manambala awiri, ya pa sikelo ndi ya pa tepi, ndipo amakulipiritsani imene yaposa inzake. Mukatumiza batire ya sola, yaing'ono koma yolemera, tepi ilibe mawu ndipo mulipira za pa sikelo. Mukatumiza zipewa za mlaza, sikelo ndi imene ilibe mawu. Pa lisiti kapena pa foni, nambala ya pa tepi imalembedwa kuti `Volumetric weight` kapena `Dimensional weight`, ndipo imene yapambana n'kukhala yolipirira imalembedwa kuti `Chargeable weight`. Ine ndizingoti kulemera kwa pa sikelo ndi kulemera kwa pa tepi.

Chifukwa chake munthu wa kuno kuchigwa sachedwa kuchimva, poti tinakulira pa thonje. Aliyense amene anaonapo lole ikuchoka pa msika wa thonje amadziwa kuti imadzaza mpaka kupitirira zitsulo zam'mbali, koma masipuling'i ali chiimire ngati sinanyamule kanthu. Lole yomweyo ikanyamula matumba a simenti, imakhala pansi katundu asanafike n'komwe theka la bodi. Galimoto iliyonse ili ndi malire awiri, makilo amene ingasenze ndi malo amene ili nawo, ndipo ulendo umayambika malire amodzi akangokwana. Dizilo wokwerera zitunda za Chikwawa, malipiro a dalaivala, matayala ndi inshuwalansi sizitsika kwenikweni chifukwa chakuti katundu ndi wopepuka. Mwini galimoto akamalipiritsa pa kilo pokha, tsiku limene wadzaza madengu okhaokha abwerera ndi ndalama yosakwana ngakhale mafuta. N'chifukwa chakenso thonje likachotsedwa njere ku jinale amalipanikiza kukhala mabelo olimba asanalitumize kutali. Safuna kulipirira mpweya.

Ndiye makampani anafuna njira yosandutsira malo kukhala makilo, kuti zonse zizilipiridwa ndi muyezo umodzi. Tiyerekeze lole ya matani atatu imene bodi yake, mukachotsa mipata yosapeweka pakati pa makatoni, imalowa katundu wokwana makiyubiki mita 15. Kiyubiki mita imodzi ndi bokosi la mita imodzi mulitali, mita imodzi mulifupi, mita imodzinso msinkhu. Mukagawa makilo 3,000 ndi 15 mupeza 200. Kutanthauza kuti, kuti loleyo idzaze malo ndi makilo nthawi imodzi, kiyubiki mita iliyonse iyenera kubweretsa ndalama ya makilo 200. Katundu wopepuka kuposa pamenepo akudya malo a mnzake, ndipo mwini wake ndi amene ayenera kulipira kusiyanako. M'kiyubiki mita imodzi muli timabokosi ta sentimita imodzi mbali zonse tokwana 1,000,000. Gawani ndi 200, mupeza 5,000. Nambala imene mnyamata uja anagawa nayo pa kakyuleta yake inachokera pa kaganizidwe kotere.

```
(L x W x H) / 5000
```

Zilembo zitatuzo ndi mulitali, mulifupi ndi msinkhu, zonse m'masentimita, ndipo yankho limatuluka m'makilo. Katoni yathu ija inali masentimita 60 mulitali, 50 mulifupi ndi 40 msinkhu. Mukachulukitsa zitatuzi mupeza 120,000, ndipo mukagawa ndi 5,000 mupeza 24. Palibe chinyengo chinalipo. Tinabweretsa madengu a makilo 7 ndi mpweya wa makilo 17.

Nambala yogawirayi si imodzi kulikonse, ndipo apa m'pamene wogulitsa ayenera kutsegula pakamwa n'kufunsa. Makampani akuluakulu otumiza mwachangu kunja kwa dziko, monga DHL, FedEx ndi UPS, amagwiritsa ntchito 5,000. Katundu wamba wa pa ndege, potsata muyezo wa bungwe la makampani a ndege la IATA, amagawa ndi 6,000, kumene kuli ngati makilo 167 pa kiyubiki mita. Onyamula pa msewu ena amagawa ndi 4,000, ena 3,000. Nambala ikachepa, inu mumalipira zambiri: katoni yomweyo ya 120,000 ndi makilo 20 mukagawa ndi 6,000, makilo 24 mukagawa ndi 5,000, koma makilo 30 mukagawa ndi 4,000. Choncho kampani imene mtengo wake pa kilo ukuoneka wotsika ikhoza kukhala yodula kwa munthu wa madengu ngati nambala yake yogawira ili yaing'ono. Kufunsa kuti "kilo ndi zingati?" sikukwanira ngati simunafunsenso kuti "mumagawa ndi zingati?"

Si onse onyamula katundu m'dziko muno amene amatulutsa tepi. Kondakitala wa minibasi ya ku Nsanje amangoyang'ana katoni n'kunena kuti "iyi ikulipira mpando umodzi", ndipo maofesi ena ang'onoang'ono amangoika maphukusi m'magulu, laling'ono, lapakati ndi lalikulu. Onsewa akuchita masamu omwewo ndi diso. Kusiyana kwake n'kwakuti ndi kondakitala mutha kunenerera, pamene ndi tepi simungathe. Ine pa ziwirizi ndimakonda tepi, chifukwa yankho lake ndingalidziwe ndili kunyumba, ndisanatchule mtengo kwa kasitomala.

Tsono munthu amene ali ku Bangula kapena ku Nchalo, ofesi ya koriya ili kutali, angaziyerekeze bwanji?

Njira yachidule imene ndimaphunzitsa anzanga imachokera pa msika pomwepo. Lita imodzi ndi timabokosi tija 1,000, kotero 5,000 ndi malita asanu. Ndiye malo a malita asanu aliwonse amalipiridwa ngati kilo imodzi. Chigoba cha faifi lita chimene amayezera nandolo chija ndi kilo imodzi ya pa tepi, ndipo malo a malita 20 ndi makilo anayi. Mukafuna kudziwa ngati malonda anu ali m'gulu la sikelo kapena la tepi, dzazani chigoba cha faifi lita ndi malondawo muyeze. Akapitirira kilo imodzi, monga amachitira chitowe, mapira, nyemba, mpunga ndi uchi, iwalani za tepi, inu ndi wa sikelo. Makilo 10 a chitowe amakwana m'katoni ya 30, 25 ndi 25, imene pa tepi sifika ngakhale makilo anayi, ndiye mulipira 10 yomweyo. Koma akalephera kufika kilo imodzi, monga zipewa, madengu, malichero, mitsamiro ndi zina zoluka, ndinu wa tepi, ndipo sikelo ya wogula thonje ikhoza kukusocheretsani ngati mmene inatichitira ife. Zinthu monga malambe osaswa ndi nsomba zouma zimakhala chapamalire, zimatengera mmene mwazisanjira, ndiye pamenepo yezani zonse ziwiri.

Njira ya faifi lita imangokuuzani gulu lanu. Mtengo weniweni umafuna kuyeza phukusi lenilenilo, ndipo pali zinthu zingapo zimene zimapunthwitsa anthu.

Chachikulu n'chakuti amayeza kunja kwa phukusi, litamangidwa kale, ndipo mbali iliyonse amatenga pamene patukuka kwambiri. Sayeza katundu wanu, amayeza bokosi limene katunduyo angakwanemo. Ndowa ya malita 20 ndi chitsanzo chabwino. M'kati mwake muli malo a makilo anayi, koma pokhala yozungulira ndiponso yotambasuka kukamwa, wa pa kauntala atenga kukamwa kwake ngati mulitali ndi mulifupi womwe. Ndowa ya masentimita 32 kukamwa ndi 35 msinkhu imatuluka 32 kuchulukitsa ndi 32 ndi 35, kumene ndi 35,840, kapena kuti makilo opitirira pang'ono 7. Makona anayi opanda kanthu aja mwawalipira, poti palibe katoni ya munthu wina imene ingalowe pamenepo. Mphasa yokulunga imapweteka kuposa apa. Mpukutu wa masentimita 180 m'litali ndi 25 kunenepa kwake umatuluka 112,500, makilo 22 ndi theka, chikhalirecho mwana wa sukulu atha kuusenza. Pamwamba pa izo, makampani ambiri ali ndi malire a kutalika kwa phukusi, ndipo lopitirira malirewo amaliwonjezera ndalama ina yapadera. Ngati mphasa kapena mkeka ungapindike osathyoka, upindeni. Ngati sungapindike, funsani za malirewo musanalonjeze kasitomala.

Chachiwiri ndi kaphonyedwe kakang'ono kamene kamakula chifukwa tikuchulukitsa katatu. Munthu amati masentimita awiri si kanthu. Tengani katoni ya 45, 45 ndi 30: imatuluka 60,750, makilo 12.15. Tsopano muiumirize katundu mpaka ifufume masentimita awiri mbali iliyonse, ikhale 47, 47 ndi 32. Yatuluka 70,688, makilo opitirira 14. Masentimita awiri aja abala makilo awiri. Makatoni akale a pa golosale, amene anyowapo n'kuuma kangapo ndiponso afooka ndi kutentha kwa kuno, amafufuma msanga mukawamanga ndi chingwe chapakati. Mfundo ya chingwe cha mlaza kapena ya lineya ikatukuka pamwamba, nayonso ilowa m'muyezo. Thumba ndiye loipa koposa, chifukwa lilibe mbali zenizeni: likagona pa kauntala limaphwasuka, ndipo woyeza amatenga pamimba pake.

Chachitatu ndi tepi yeniyeniyo. Ambiri amabwereka tepi ya telala, imene mbali imodzi ili ndi masentimita, mbali ina mainchesi. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Mukayeza ndi mbali ya mainchesi n'kugawa ndi 5,000, yankho lichepa nthawi zopitirira 16. Katoni ya makilo 24 idzaoneka ngati ya kilo imodzi ndi theka, ndipo mudzauza kasitomala mtengo umene udzakulizeni. Chizindikiro chake n'chosavuta: ngati katoni imene mukufunika manja awiri kuti muikumbatire ikutuluka makilo ochepera awiri, mwawerenga mbali yolakwika. Kilo imodzi ya pa tepi ndi kabokosi ka masentimita pafupifupi 17 mbali zonse, kosakwana n'komwe chikhatho chotambasula cha munthu wamkulu. Mukakhala ndi chithunzi cha kabokosi kameneka m'mutu, yankho lopusa mumalizindikira pomwepo. Amene amagula zinthu ku America adzaona 139 kapena 166 m'malo mwa 5,000 ndi 6,000. Ndi lamulo lomwelo, kungoti lawerengedwa m'mainchesi ndi mapaundi, ndipo manambala amenewo musawasakanize ndi masentimita.

Kopanda tepi, lula ya mwana wa sukulu ya masentimita 30 imagwira ntchito. Pepala la A4 nalonso ndi muyezo wodalirika, poti ndi masentimita 21 mulifupi ndi 29.7 mulitali. Chikhatho chokha ndiye ayi, pokhapokha mutachiyeza kale pa lula, ndipo ngakhale zitatero chisiyeni chikhale choyerekezera poyankha foni mwachangu, osati chotchulira mtengo womaliza. Mukayeza n'kupeza theka la sentimita, kwezani lifike sentimita yathunthu. Yankho lomaliza nalonso likwezeni, chifukwa makampani sazungulizira pansi: ena amakweza kufika pa theka la kilo lotsatira, ena pa kilo yathunthu. Makilo 12.15 adzakhala 12.5 kapena 13.

Tibwerere ku madengu a azakhali, chifukwa oda yachiwiri inabwera ndipo ulendo uno tinakhala pansi. Mtengo wa pa kilo umasintha kawirikawiri, ndiye pano ndiika wongoyerekeza wa K2,000 kuti masamu aoneke. Ulendo woyamba tinkayembekeza kulipira K14,000 ya makilo 7, koma tinalipira ya makilo 24, imene pa mtengo woterowo ndi K48,000. Dengu lililonse linasenza K4,800 ya mayendedwe m'malo mwa K1,400. Phindu lonse linathera pamenepo.

Titayang'anitsitsa tinaona kuti vuto linali pawiri. Katoni tinaitenga chifukwa ndi imene inapezeka, osati chifukwa inali yoyenera, ndipo madenguwo anali osiyanasiyana kukula, ena ali ndi zogwirira zoimirira, kotero sankalowetsana. Azakhali analuka ena khumi a muyezo umodzi, otambasuka pang'ono kukamwa ndi opanikizika kunsi, masentimita 42 kukamwa ndi 15 kuzama, zogwirira zake zofewa zogonera m'kati. Madengu otere amalowana ngati mbale. Loyamba limatenga masentimita 15, lililonse lotsatira limangowonjezera sentimita imodzi ndi theka, ndipo onse khumi anaima masentimita osakwana 29. Katoni ina yaikulu ngati ija tinaidula m'makona ndi mpeni, n'kuipinda kuti ithine, mpaka inakhala 45, 45 ndi 30. Makilo a pa tepi anatsika kuchoka pa 24 kufika pa 12 ndi theka. Pa mtengo wathu woyerekeza ndi K25,000, K2,500 pa dengu. Madengu khumi ngati poyamba, mlaza womwewo, msewu womwewo.

Azakhali poyamba anakana zosintha kalukidwe. "Mwana wa achimwene, ine ndiluke dengu kuti likomere katoni?" Koma ataona kusiyana kwa ndalama anangoti ndiwadulire kandodo ka masentimita 42, ndipo mpaka lero kali patsindwi la khonde, amayezera pakamwa pa dengu lililonse lopita kutali.

Pali kanthu kena kamene tinatulukira mochedwa. Ngati mukulipira makilo 12 ndi theka pamene katoni ikulemera 7, muli ndi makilo asanu ndi theka amene mwalipira kale koma simunawagwiritse ntchito. Dengu lapamwamba linali ndi dzenje lopanda kanthu la masentimita pafupifupi 15 kuzama. Tinafunsa mayi wa ku Lilongwe uja ngati angafune ufa wa malambe ndi chitowe, anavomera, ndipo tinaikamo mapaketi okwana makilo anayi. Sikelo inakwera kufika 11, tepi inakhalabe pa 12 ndi theka, ndipo mtengo wotumizira sunasunthe. Amene amagulitsa zopepuka ndi zolemera pamodzi apindule ndi mpata umenewu, malinga sikelo isapitirire tepi ndiponso katoni isafufume. Izi n'zotheka bwino m'dziko momwe muno. Potumiza kunja, zakudya ndi zomera zimafuna zilolezo zake, ndipo paketi imodzi ya ufa ikhoza kuimitsa katoni yonse pa chipata cha dziko.

Nanga kugawa katundu m'makatoni awiri kumathandiza? Pakokha ayi, chifukwa malo onse pamodzi ndi omwewo, ndipo katoni iliyonse ikhoza kuzungulizidwira m'mwamba payokha, mwinanso kulipira mtengo woyambira kawiri. Kumathandiza pokhapokha pamene chinthu chimodzi chachitali chikukakamiza katoni yonse kukula. Mukaika lichero limodzi la masentimita 60 pamodzi ndi timadengu ta masentimita 25, katoni yonse iyenera kukhala 60 ndi 60 pansi pake, ndipo timadengu tija tizunguliridwa ndi mpweya wolipiridwa. Lichero likapita palokha m'phukusi lopyapyala la 60, 60 ndi 8, limatuluka makilo osakwana 6, ndipo timadenguto timakwana m'kakatoni kakang'ono. Werengerani njira zonse ziwiri pa foni musanamange.

Kuthinitsa nakonso kuli ndi malire ake. Miphika yadothi, mabotolo a uchi ndi zosema zimafunika chotchinjiriza, ndipo munthu amene wachotsa zotchinjiriza kuti apulumutse makilo awiri a pa tepi akhoza kutaya katundu yense m'makhotakhota a pa zitunda zija. Nsomba zouma mukazipanikiza zimafika zitasanduka ufa. Zipewa zimalowetsana bwino, koma mukazikanikiza kwambiri chapansi chimapindika mlomo ndipo kasitomala achibweza. Pa zinthu zotere, mpweya wina ndi woyenera kuulipira, kungoti muuwerengere mumtengo kuyambira pachiyambi, osati kukauzindikira pa kauntala.

Katoni ikatsekedwa, ine ndimalemba miyezo itatu ija pambali pake ndi cholembera chakuda, ndi kuijambula pa foni tepi ili pomwepo. Makampani akuluakulu amayezanso maphukusi ku depoti, nthawi zina ndi makina, ndipo akapeza kusiyana amatumiza bilu yowonjezera kapena kulipiritsa wolandira. Chithunzi sichingawakakamize, koma chimakupatsani poyambira pokambirana, ndiponso chimakuuzani ngati katoni inafufuma panjira. Ulendo wina kusiyana kunali masentimita atatu pa msinkhu. Titafufuza tinapeza kuti wa kabaza amene anatenga katoniyo kuchoka kumudzi kupita pa msewu anaimanga ndi mphira mwamphamvu, m'mbali munalowa m'kati, pamwamba n'kutukuka. Kuyambira pamenepo katoni ya azakhali imakwera kabaza ili pakati pa matabwa awiri opyapyala, ndipo matabwawo amabwerera kumudzi ndi wa kabazayo.